Yesani Chida cha AI cha Makanema Musanalipire

Musanalipire chida chatsopano cha AI chopangira makanema, chiyeseni ndi pempho limodzi lovuta: munthu akuthira madzi m'kapu kwa masekondi 5, kenaka akutembenukira kukamera. Lembani mawu omwewo katatu osasintha kalikonse, chifukwa kanema mmodzi wokongola akhoza kungochitika mwamwayi.

Ndiyeno onerani pang'onopang'ono, mukuimitsa chithunzi ndi chithunzi. Werengani zala, onani ngati madzi akukweradi m'kapumo, ndiponso ngati nkhope ija ikadali yomweyo munthuyo atatembenuka, pakuti m'pamene zida zambiri zimapunthwa.

Musaikemo nkhope za abale kapena makanema akuntchito pakuyesaku. Akakupemphani nambala ya khadi, yambani mwawerenga tsiku limene adzayambe kudula ndalama.