Momwe mungalembere lendi m'mabuku a kampani potsatira IFRS 16

Kale, kampani ikachita lendi nyumba yochitiramo malonda, akauntanti ankangolemba ndalama ya lendi ngati ndalama yotuluka chaka chimenecho, nkhani n'kuthera pomwepo. Kuyambira pa 1 Januwale 2019, pamene IFRS 16, lamulo la padziko lonse la kalembedwe ka lendi m'mabuku a kampani, linalowa m'malo mwa lamulo lakale la IAS 17, wochita lendi amalemba zinthu ziwiri tsiku lomwe walandira makiyi: ufulu wogwiritsa ntchito nyumbayo, umene umawerengedwa ngati chuma cha kampani, ndiponso ngongole ya lendi yonse imene walonjeza kudzalipira.

Tiyerekeze kuti mwachita lendi sitolo kwa zaka zitatu, ndipo muzilipira K1,000,000 kumapeto kwa chaka chilichonse.

Choyamba, pezani chiwongoladzanja chowerengera. Ngati cha mu mgwirizanowo sichikudziwika, gwiritsani ntchito chimene banki ikanakulipiritsani mukanakongola ndalama kwa nthawi yofanana. Pano titenga 10 peresenti kuti masamu asavute, ngakhale kuti mabanki athu amalipiritsa choposa pamenepo.

Kenako bwezani malipiro onse atatu ku mtengo wake wa lero, chifukwa miliyoni imene mudzalipire zaka zitatu zikubwerazi siyofanana ndi miliyoni ya m'manja lero. Popeza chiwongoladzanja ndi 10 peresenti, gawani K1,000,000 ndi 1.1 kamodzi pa chaka choyamba, kawiri pa chachiwiri, katatu pa chachitatu. Mupeza K909,091, K826,446 ndi K751,315, zonse pamodzi K2,486,852. Imeneyi ndiyo ngongole ya lendi, ndipo ufulu wogwiritsa ntchito sitoloyo umayambira pa mtengo womwewo, pokhapokha ngati munalipiriratu ndalama ina kapena munalipira wokupezerani malowo, pakuti zimenezo zimaonjezedwa ku mtengo wa ufuluwo.

Chaka chikatha, ziwirizi zimayenda mosiyana, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Mtengo wa ufulu uja umatsika mofanana, K828,951 chaka chilichonse. Ngongole imabala chiwongoladzanja cha K248,685 m'chaka choyamba, ndipo mukapereka miliyoni ija imatsala K1,735,537. Choncho musalembe miliyoni yonse ngati lendi: gawo lina lalipira chiwongoladzanja, lotsalalo lachepetsa ngongole.

Mukaphatikiza kutsika kwa mtengo wa ufulu uja ndi chiwongoladzanja, zotuluka za chaka choyamba zikhala K1,077,636, kuposa lendi imene mwini nyumba walandira, pamene m'chaka chachitatu, ngongole itachepa, zidzakhala K919,860 zokha. Pa zaka zonse zitatu ndalama yake ndi K3,000,000 yomweyo, kungoti phindu limaoneka lochepa poyamba, ndipo abanki amaona ngongole imene kale sinkaoneka m'mabuku. Ngati ngongoleyo sifika pa ziro mukalipira komaliza, dziwani kuti mwalakwitsa chiwongoladzanja kapena nthawi ya malipiro.

Lamuloli limalola kulemba mwa njira yakale lendi ya miyezi 12 kapena yocheperapo, bola mgwirizanowo usakhale ndi mwayi wodzagula katunduyo, komanso lendi ya zinthu zotsika mtengo zikakhala zatsopano, monga kompyuta kapena mipando ya mu ofesi.