Phazi la khoma lotchinga dothi: chala ndi chidendene zitalike bwanji?

Kumapuloti otsetsereka a ku Glen Lorne ndi madera ena a kumpoto kwa Harare, amisiri amakonda kufupikitsa phazi la khoma lotchinga dothi pofuna kupulumutsa simenti kapena malo. Mbali imene imadulidwa kawirikawiri ndi chala, chigawo cha phazi chotulukira kutsogolo kwa khoma, pomwe chidendene ndi chija chokwiririka kuseri, pansi pa dothi lotchingidwalo.

Poyambira pabwino ndi phazi lotambalala pakati pa theka ndi magawo 7 mwa 10 a msinkhu wa khoma, chala n'kutenga pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a phazilo. Chidendene chimatalikirapo chifukwa dothi lokhala pamwamba pake ndilo limalemeretsa khoma kuti lisagwe kapena kutsetsereka.

Titenge khoma la mamita 3 kuyezera pansi pa phazi, konkire wake wochindikala mamita 0.3 pathupi ndi paphazi pomwe, chala 0.5, chidendene 1.0, phazi lonse 1.8. Ngati dothi lakuseri ndi lamchenga, losalala pamwamba, losasunga madzi, lolemera makilonyutoni 18 pa kiyubiki mita, limakankha khomalo ndi makilonyutoni 27 pa mita iliyonse, ndipo mphamvuyo imagwira mita imodzi kuchokera pansi. Konkire ndi dothi la pachidendene zikaphatikizidwa zimalemera makilonyutoni 81 pa mita iliyonse. Kukankha kuja kumasendeza katunduyu kutsogolo, kotero amagwera mamita 0.75 kuchokera kunsonga ya chala, kuphonya pakati pa phazi ndi 0.15.

```
q = (V/B) × (1 ± 6e/B)
```

Apa q ndi kupanikiza kwa phazi pa nthaka, V kulemera konse, B kutambalala kwa phazi, e kuphonya kuja. Yankho ndi makilopasikali pafupifupi 68 kunsonga ya chala ndi 22 kumapeto a chidendene. Nthaka imapanikizika kwambiri pansi pa chala, osati pansi pa mulu wa dothi monga ambiri amaganizira, ndipo phazi lonse limakhalabe lotsamira pansi malinga ngati e sapitirira B/6.

Tsono mwini puloti akakana chala chifukwa khoma lili m'malire a puloti, phazi limatsala mamita 1.3, katundu amagwera 0.27 kuchokera kutsogolo, e n'kupitirira B/6. Kumapeto kwa chidendene kumaleka kutsamira, mamita 0.8 okha ndiwo amasenza zonse, ndipo kupanikiza kumafika makilopasikali pafupifupi 190. Pa katondo wofewetsedwa ndi mvula ya Januwale, kapena pa dothi lakuda la m'madambo, umenewu ndi mtolo woti injiniya ayambe wayeza nthaka, ndipo mankhwala ake ndi kutalikitsa chidendene.

Khoma lotere limadziulula lokha: mutu umaweramira kutsogolo, kuseri kumatseguka mng'alu wotsata khoma, njerwa zoyalidwa kutsogolo zimatukumuka. Musalole munthu kukumba ngalande ya mapaipi mogundana ndi chala, ndipo mabowo otulutsira madzi azikhala otseguka, chifukwa madzi akadzadza kuseri kukankha kuja kumachuluka pafupifupi kawiri.