Momwe mungaphunzitsire achinyamata kugwira chithunzi chomata bakigiraundi

Phunziro ili ndi la mphindi 80, mapiriyodi awiri ophatikiza, ndipo lingathekenso ku kalabu ya achinyamata ya kutchalitchi kapena kumzikiti bola ana akhale a msinkhu wa Fomu 1 mpaka 4. Nkhani yake ndi ya zithunzi zija munthu amajambulitsa pakhonde kwawo kenako n'kudzidula n'kudzimata kutsogolo kwa nyumba yosanja ya kunja, muja amachitira anthu olonjeza ntchito zakunja kapena ogulitsa galimoto yomwe alibe. Chomwe ndikufuna ana atuluke nacho n'chimodzi, asiye kuweruza ndi maso okha kuti "ichi chikuoneka feki", agwire rula ayeze. Maso athuwa pa nkhani ya mithunzi ndi aulesi kwambiri, mthunzi ukhoza kupita kolakwika ife osazindikira olo pang'ono.

Zofunika sizambiri: tochi imodzi, mabotolo atatu otalika mosiyana, beseni la madzi, marula, mapensulo, nyuzipepala zakale, selotepi, foni imodzi pagulu la ana asanu, ndi zithunzi zinayi zopulinta pa A4. Ziwiri zikhale zenizeni, ziwiri zomata nokha ndi apu ngati PicsArt. Chonde matani chithunzi chanu inuyo aphunzitsi osati cha mwana, chifukwa chithunzi cha mtsikana chikangoyamba kuyenda m'mafoni a anyamata simungachibwezenso.

Mphindi 10 zoyamba afotokozereni nkhani ya ku China. Mu June 2011 boma la dera la Huili m'chigawo cha Sichuan linaika pa intaneti chithunzi cha akuluakulu atatu akuyendera msewu watsopano, koma anthuwo ankaoneka ngati akuuluka pamwamba pa tala, mapazi osagunda pansi. Anthu anaseka dziko lonse mpaka boma la deralo linapepesa, n'kufotokoza kuti akuluakuluwo anapitadi kukayendera misewu koma wojambula sanakhutire ndi zithunzi zenizenizo ndiye anangowamata pa msewu wooneka bwino. Ngati muli ndi bando chipezeni chithunzicho muwaonetse, kenako funsani: n'chiyani chikupangitsa kuti aoneke ngati ali m'malere? Musayankhe inu, asiyeni alimbane nacho.

Yankho lake ndi kamthunzi kakuda kaja kamakhala pomwe nsapato yagundana ndi nthaka. Imitsani mwana m'modzi kutsogolo, anzake awerame aone pansi pa nsapato zake, apeza kamzere kakuda kopyapyala ngakhale m'kalasi mulibe dzuwa, chifukwa kuwala sikulowa pampata wothinawo. Omata ambiri amaiwala kameneka, kapena amapaka chibanga chakuda chozungulira chomwe sichikutsata n'komwe maonekedwe a nsapato.

Kenako mphindi 30 za mithunzi, apa ndiye pali nyama ya phunziroli musathamange. Tsekani mawindo ngati zingatheke, imikani mabotolo atatu patebulo, ikani tochi pamwamba pa mulu wa mabuku isamasunthe, ndipo jambulani ndi foni tochiyo ikuoneka m'chithunzimo. Tsopano pa sikirini kapena papepala, mwana aike rula kuchokera pansonga ya mthunzi wa botolo kudutsa pa chitsekerero cha botolo lomwelo, alembe mzere n'kuupitiriza. Achite chimodzimodzi ndi mabotolo enawo. Mizere itatu yonseyo ikakumana pa tochi. Chifukwa chake n'chosavuta, kuwala kumayenda mowongoka, ndiye nsonga ya mthunzi, nsonga ya chinthu ndi gwero la kuwala zimakhala pa mzere umodzi, ndipo kamera mzere wowongoka imaujambula wowongokabe. Njira imeneyi ndi yomwe akatswiri ofufuza zithunzi monga Hany Farid amagwiritsa ntchito, si zamasewera ayi.

Ndi dzuwa lamulo ndi lomwelo koma pali poti ana amasokonezeka. Dzuwa likakhala kutsogolo kwa wojambula mizere imakakumana kumwamba, nthawi zambiri kunja kwa pepala, n'chifukwa chake ndinati mubwere ndi nyuzipepala, amate chithunzicho pakati pa nyuzipepala kuti mizere ipeze kopitira. Dzuwa likakhala kumbuyo kwa wojambula mizere ija imakumana mbali ya kumunsi, kupitirira nsonga za mithunzi. Likakhala chakumbali mizere imangoyenda limodzi osakumana. Zonse zitatuzi n'zabwinobwino. Cholakwika n'choti mizere ya mapolo ndi mipanda ikugwirizana koma wa munthu wokha ukupita kwina. Ndipo auzeni kuti mithunzi iwiri kuoneka ngati yaloza kosiyana si umboni, nthaka yotsetsereka kapena khoma zimapinda mthunzi, pomwe mzere wa rula uja sukhudzidwa ndi zimenezo bola mwasankha malo olondola. Vuto lalikulu limakhala pomwepo, kusankha. Nsonga ya polo, kona ya denga, nsonga ya ambulera, izi n'zodalirika. Mutu wa munthu kapena mtengo wa masamba ndi wozungulira, mwana akhoza kuphonya pang'ono mzere n'kuthawira kutali, ndiye aliyense alembe mizere itatu kapena kuposa asanatsegule pakamwa. Usiku kapena m'holo ya mababu ambiri njirayi isiyeni, chinthu chimodzi chimakhala ndi mithunzi ingapo.

Tiyeni tione chitsanzo chimodzi bwinobwino, chomwe mungapange nokha. Jambulitsani pabwalo masana 12 koloko ku Lilongwe kumayambiriro kwa November, kenako dzimateni pa chithunzi cha m'mbali mwa mtsinje wa Thames ku London, mlatho wa Tower Bridge uli kumbuyo, chojambulidwa chakumadzulo kuli dzuwa. Lilongwe ali pafupifupi madigiri 14 kumwera kwa ikweta ndipo cha kumapeto kwa October komanso chapakati pa February dzuwa la masana limakhala paliwombo penipeni, mthunzi wonse umakhala pansi pa mapazi. Pankhope panu zimenezi zilembeka: m'maso muchita mdima, mthunzi wa mphuno ugwera pamlomo, pansi pa chibwano bii, pomwe mapewa ndi pamutu pawala. London ali pa madigiri 51 ndi theka kumpoto, dzuwa kumeneko silifika paliwombo chaka chonse, ngakhale mu June likakwera kwambiri limathera pa madigiri 62 ndiye mthunzi wa munthu sufupika kuposa pafupifupi theka la msinkhu wake, ndipo mu December masana umatalika kuposa katatu. Ana akalemba mizere ya mapolo a magetsi ndi mpanda wa m'mbali mwa mtsinje apeza dzuwa lili pansi chakumbali, koma nkhope ikunena kuti lili pamutu. Madzuwa awiri m'chithunzi chimodzi. Afunseninso za mtundu wa kuwala, dzuwa lamadzulo limapaka zinthu chikasu pomwe malaya anu oyera ali mbee ngati masana, ndipo ngati munajambulitsa pa dothi lofiira yang'anani kufiirira kumunsi kwa thalauzi kapena chitenje, kuwala kochokera pansi kumanyamula mtundu wa dothilo, simenti ya ku London singapereke kufiira kumeneko.

M'mphepete mwa munthu wa pachithunzi mupatse mphindi 15, ndipo apa gwiritsani foni osati pepala. Akulitse chithunzi ndi zala awone malo atatu: tsitsi, mpata wa pakati pa mkono ndi thupi, ndi pakati pa zala. Tsitsi lenileni limakhala ndi timaubweya totuluka, la mesh kapena zingwe limakhala ndi timipata toonetsa zakumbuyo, koma lodulidwa limakhala see ngati chipewa. M'timipata timeneti ndi momwe mumatsalira bakigiraundi yakale, kachidutswa ka khoma la njerwa kapena masamba obiriwira pomwe kumbuyo konse kuli madzi. Aonenso ngati munthu ali wakuthwa kwambiri pomwe pansi pomwe waponda pali mbuu, zinthu ziwiri zotalikirana mofanana ndi kamera zimayenera kuoneka bwino mofanana.

Koma m'mphepete ndi momwe ana amanamizira anthu osalakwa kwambiri, ine zimandidetsa nkhawa. Foni ikajambula pa Portrait imachita kupaka mbuu kumbuyo ndi pulogalamu, ndiye imadya tsitsi, ndolo ndi mikono ya magalasi ngati chithunzi chodula. Mafoni ambiri amanolanso chithunzi okha n'kusiya kamzere koyera kozungulira munthu akaima kutsogolo kwa thambo. WhatsApp nayo imafinya zithunzi, chikadutsa m'magulu angapo m'mphepete monse mumadzadza timabokosi. Aonetseni pompo: jambulani m'modzi wa aphunzitsi pa Portrait, tumizani chithunzicho kawiri, koyamba mwachizolowezi kachiwiri ngati Document, ana afananize. Akatero amvetsa kuti mphepete yoipa yokha siyokwanira, imafuna mnzake.

Mphindi 15 zina ndi za zooneka m'madzi ndi pagalasi. Ikani beseni pansi madzi akhazikike, mwana agwire kapu pamwamba pake anzake ayang'ane chapatali pang'ono. M'madzimo aona kunsi kwa kapu komwe ndi maso mwachindunji sakukuona. Apa ndi pomwe omata amagwa, iwo amangokopa munthu n'kumutembenuza chadodolido, ndiye chooneka m'madzi chimafanana ndendende ndi chapamwamba, pomwe chenicheni chimaonetsa chinthucho ngati ukuchionera chapansi. Pa madzi odekha, foni itagwiridwa mowongoka, chooneka m'madzi chimakhala pansi penipeni pa mwini wake osati chakumbali. Nthawi zambiri samavutika n'komwe, munthu watsamira galimoto yonyezimira koma pachitseko sakuonekapo, kapena waima pa matailosi owala omwe akuonetsa mipando yonse kupatula iye. Magalasi a dzuwa nawo amaulula, munthu akuti ali pabwalo la ndege koma m'magalasi mukuoneka zenera ndi denga la malata. Malire ake ndi oti madzi a mafunde, galasi lopindika ndi bodi ya galimoto zimapotoza zinthu, ndiye pamenepo funso likhale loti akuoneka kapena sakuoneka, osati kuyeza ndi rula.

Mphindi 10 zomaliza gawani zithunzi zinayi zija osanena kuti zomata ndi zingati. Gulu lililonse lilembe pa chithunzi chilichonse zomwe layeza, kenako lisankhe chimodzi mwa zitatu: chomata, sitinapeze vuto, kapena sitingadziwe. Kuti anene kuti chomata pakhale zizindikiro ziwiri zochokera mbali zosiyana, mwachitsanzo mzere wa mthunzi ndi kachidutswa ka bakigiraundi yakale m'khwapa. Gulu lomwe lanena kuti sitingadziwe pa chithunzi cha kumitambo chopanda mithunzi lipatseni malikisi onse, ndipo "sitinapeze vuto" asamuwerenge ngati "chenicheni" chifukwa womata waluso amakonza zonse zitatuzi. Akumbutseninso za Huili, chithunzi chinali chomata koma ulendo unachitikadi, ndiye zomwe rula yatsimikiza ndi za chithunzi chokha. Homuweki yake, aliyense ajambule chithunzi chenicheni pakhomo cha m'ma 4 koloko madzulo chokhala ndi zinthu zitatu zansonga, monga mtengo woyanikira zovala, kona ya nyumba ndi mpini wa khasu woimika, abwere nacho sabata yamawa mizere atalemba kale.