Kulemba chimangirizo cha kampani yofulula mowa: yambirani kufakitale, SWOT ibwere pambuyo

Ophunzira a zamalonda pa MUBAS ndi makoleji ena a mu Blantyre akapatsidwa ntchito younika kampani yofulula mowa, ambiri amathamangira kujambula mabokosi anayi a SWOT, oonetsa mphamvu, zofooka, mwayi ndi ziopsezo za kampani. M'bokosi la mphamvu amaikamo "dzina lodziwika", la ziopsezo "mpikisano", kenako n'kukopera chithunzi cha valiyu tcheni, ndondomeko ya ntchito zimene kampani imachita kuyambira pogula zipangizo mpaka katundu atafika kwa kasitomala, chimene katswiri wa zamalonda Michael Porter anatulutsa mu 1985. Zigawo ziwirizo zimangokhala phee, osalankhulana, ndipo malikisi amathera pomwepo. Langizo langa n'lakuti mfundo iliyonse ya mu SWOT ichokere pa ntchito inayake imene mwaiona m'tchenimo.

Titenge Castel Malawi ya ku Makata. Fakitaleyi inatsegulidwa mu 1968, yoyamba ya Carlsberg kunja kwa Denmark, ndipo gulu la Castel linagula magawo ochuluka mu 2016. Mbiri isapitirire ndime imodzi. Chenjeraninso ndi zolemba zakale: bizinesi ya zakumwa zoziziritsa kukhosi inapita kwa Coca-Cola Beverages Africa mu 2022, choncho Fanta alibe malo m'chimangirizo chanu.

Porter anagawa ntchito zikuluzikulu pasanu: kulowetsa zipangizo, kupanga, kutumiza katundu, kutsatsa ndi kugulitsa, ndiponso kusamalira makasitomala. Musazipatse ndime zofanana. Pa mowa wa m'botolo kuno kwathu, nkhani yagona pa zipangizo. Chimera cha balere ndi hopusi zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo dziko lopanda nyanja ngati lathu limadikira katundu adutse kaye madoko monga Beira kapena Nacala.

Apa ndiye muwerengere. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Tiyerekeze kuti pa K100 iliyonse yopangira botolo limodzi, K40 imapita ku zinthu zakunja (nambalayi ndi yophunzirira chabe, yeniyeni mukaifune m'malipoti kapena pofunsa akampani). Kwacha itagwa, K40 ija yasanduka pafupifupi K58, ndipo botolo lafika pa K118 malipiro a antchito ndi magetsi zisanasunthe n'komwe. Funso la wolemba wanzeru n'lakuti K18 imeneyi alipira ndani. Mukaiika pamtengo, womwa wa ku Ndirande kapena ku Bangwe sakusowa kolowera: Chibuku chilipo, kachasu alipo. Mukaimeza, phindu lachepa.

Kuchokera pakawerengedwe kamodzika mwapeza mfundo ziwiri, ndipo zisalowe bokosi limodzi. Kugwa kwa kwacha ndi chiopsezo, chifukwa kampani siingakuletse. Kudalira chimera chakunja ndi chofooka, chifukwa akuluakulu a kampani angathe kukhala pansi n'kusintha, mwina pofulula mtundu wina wa mowa wokhala ndi chimanga kapena mpunga wambiri wam'dziko muno. Muyeso wake ndi womwewo nthawi zonse: kodi bodi ikhoza kusintha chinthuchi ndi chigamulo chake? Ngati inde, n'chamkati. Ndimaona kawirikawiri "kutsegula depoti yatsopano" italembedwa ngati mwayi. Imeneyo ndi njira yochitira; mwayi weniweni ndi kukula kwa matauni kumene kukuchititsa kuti depotiyo ifunike.

Pa ntchito yopanga, tchulani madzi ndi magetsi mwachindunji. Madzi ambiri a mu Blantyre amachita kupopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire kukwera mtunda, ndiye magetsi akavuta madzinso amavuta. Pamene mowa ukuwira m'matanki umafuna kuzizira kosasinthasintha. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, makampani ambiri anadalira majenereta, dizilo wake wogulanso ndi ndalama zakunja zomwe zija.

Chithunzi cha Porter chimayenda mbali imodzi, koma botolo la Green kapena Kuche Kuche limabwerera. Lole yosiya makireti odzaza pabotositolo imanyamulanso opanda kanthu. Mabotolo akachedwa kubwerera, mowa ungakhale wapsa m'thanki koma wosowa pothira. Onetsani kuti kutumiza katundu ndi kulowetsa zipangizo zalumikizana pamenepa. Ndi mphamvunso, pakuti kampani yatsopano singamange msanga dongosolo lotere la madepoti, malole ndi makireti.

Pomaliza gwirizanitsani mabokosiwo awiriawiri, chofooka ndi chiopsezo chake, mphamvu ndi mwayi wake, n'kupereka malangizo awiri kapena atatu okha. Lililonse linene mtengo wake. Mukati agule mbewu kwa alimi akuno, nenaninso za chaka cha chilala pamene chimanga chimakwera mtengo, komanso kuti womwa anazolowera kakomedwe kena, ndiye mowa wotero ungafunike dzina lakelake ndi mtengo wotsikirako.