Lipoti la mijigo lisamangofunsa ngati madzi akutuluka lero

Alangizi anzanga, a makomiti a mijigo ndi inu a komiti ya chitukuko cha dera, malipoti ambiri amene timatumiza ku ofesi ya zamadzi ya boma amayankha funso limodzi lokha: kodi mjigo ukutulutsa madzi kapena ayi? Funso limeneli limabisa zambiri. Mjigo umene wakonzedwa dzulo utakhala miyezi itatu uli chiimire umalembedwa kuti uli bwino, chimodzimodzi ndi umene sunavuteko chaka chonse. Kafukufuku wa mijigo 200 amene anachitika mu 2016 m'maboma a Balaka, Machinga, Lilongwe, Nkhotakota ndi Mzimba anaonetsa zomwezi. Pa mijigo 100 iliyonse, 74 inkagwira ntchito tsiku loyendera, koma ataonanso kuchuluka kwa madzi ndi masiku amene mjigo unakhala wakufa m'chakacho, yodalirika inatsala 58.

Choncho mukafika pa mjigo, mafunso akulu ndi awiri: waonongeka kangati m'miyezi 12 yapitayi, ndipo ulendo uliwonse unakhala masiku angati osagwira ntchito?

Musanafunse munthu, uyeseni nokha. Pa mjigo wa Afridev, womwe ndi wofala kwathu kuno, pompani mpaka madzi atuluke, kenaka muusiye kwa mphindi 30. Mukayambanso, werengani kuti mwapompa kangati madzi asanabwere. Zikapitirira kasanu, ndiye kuti madzi akubwerera pansi, mwina futuvavu, kavavu ka pansi koletsa madzi kubwerera m'dzenje, yatha kapena paipi yang'aluka penapake. Mukatero tcherani ndowa ya malita 20, mupompe ka 40 m'mphindi imodzi, chogwirira chikufika pamwamba ndi pansi penipeni. Madzi asachepere malita 15. Akachepa, kawirikawiri labala wa pa pulanja, uja amakaniki amati yusilo, ndiye wadyeka. Mjigo wotere musaulembe kuti uli bwino. Lembani kuti ukugwira ntchito moperewera. Chogwiriranso chigwedezeni cham'mbali. Chikamasewera kwambiri kapena kulira chitsulo pa chitsulo, mabushi, timapulasitiki timene chogwirira chimazungulirapo, atha, ndipo posachedwa adyetsa mapini omwe ndi okwera mtengo.

Za masiku, yambani ndi kope la komiti ndi la makaniki wa dera. Pamene palibe kope, funsani amayi amene amatunga pamenepo, osati a tcheyamani okha, chifukwa amene anayenda ulendo wautali kupita ku dambo ndiwo amakumbukira. Musafunse kuti "unakhala masiku angati?" Mudzangomva kuti "unakhalitsa ndithu." Funsani kuti, "Mayi, pamene unafa, chimanga chinali chitafika pati? Nanga pokonzedwa, sukulu inali itatsekulira?" Mukatero mupeza masabata oyandikira zoona. Funsani anthu awiri kapena atatu payekhapayekha, ndipo mu lipoti muonetse kuti nambala iyi yachokera m'kope, iyi ndi yongokumbukira.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasokoneza malipoti chaka ndi chaka. Mjigo umene umasiya kutulutsa madzi mu Okutobala ndi Novembala, n'kuyambanso wokha mvula ikagwa, sunaonongeke. Madzi apansi atsika, kapena dzenje silinakumbidwe mokwanira. Masiku amenewo muwalembe paokha kuti ndi a kuphwa. Mukawaphatikiza ndi a kuonongeka, mudzadzudzula makaniki pa vuto limene sipanala singathetse. N'chimodzimodzi mjigo umene anthu ausiya chifukwa cha madzi amchere, monga zimachitikira m'madera ena a ku Chikwawa ndi Nsanje: pampu ili bwino, koma anthu sakumwapo.

Tsopano tiyerekeze kuti mwayendera madera awiri, lililonse lili ndi mijigo 20. Nambala izi ndi zongophunzirira. M'dera loyamba mijigo yaonongeka ka 60 m'chaka, masiku onse osagwira ntchito ndi 180. Gawani 60 ndi 20: mjigo uliwonse waonongeka katatu. Gawani 180 ndi 60: ulendo uliwonse umatenga masiku atatu. M'dera lachiwiri yaonongeka ka 20 kokha, koma masiku onse ndi 900, kutanthauza masiku 45 pa kuonongeka kumodzi.

Wongoona kuchuluka kwa kuonongeka anganene kuti dera loyamba ndilo lili pamavuto. Ine ndikuti thamangirani kwachiwiri. Koyambako komiti ili ndi ndalama, makaniki amabwera, masipeya akupezeka pafupi. Chofunika kumeneko ndi kufufuza chifukwa chake mijigo ikufa pafupipafupi. Mwina anthu achuluka: mjigo umodzi unayenera kutumikira anthu 250, ndipo ukamapompedwa kuyambira m'bandakucha mpaka usiku, malabala sachedwa kutha. Mwina akugula masipeya osalimba. Ngati yusilo ikutha mwezi ndi mwezi, tungani madzi m'ndowa yoyera, adikhe, muone ngati pansi pali mchenga, chifukwa mchenga umadya labala ndi silinda yomwe.

Kwachiwiriko musafulumire kukhulupirira 45 uja. Tsegulani mndandanda muone mjigo umodziumodzi. Mutha kupeza kuti mijigo iwiri yokha yatenga masiku 600, wina mapaipi anagwera m'dzenje, wina akuba anazula marodi. Ikatero, 18 yotsalayo yagawana masiku 300, pafupifupi 17 uliwonse. Apa pali nkhani ziwiri zosiyana. Iwiri ija yaposa mphamvu za mudzi, ndipo iyenera kutchulidwa mayina mu lipoti kuti ofesi ya zamadzi ichitepo kanthu. Inayo ndi ya kuchedwa kukonza. N'chifukwa chake lipoti la dera lizionetsa nthawi zonse mjigo umene wakhalitsa kwambiri pambali pa nambala ya onse.

Kuchedwako nakonso kuduleni m'zigawo. Titenge mjigo umene unakhala masiku 41 chifukwa rodi inaduka. Masiku 6 anapita makaniki asanauzidwe, aliyense akuyesa kuti mnzake waimba foni. Makaniki anafika patapita masiku 2, natchula mtengo. Masiku 26 anathera kusonkha ndalama khomo ndi khomo, poti m'thumba la komiti munalibe kanthu ndipo inali Febuluwale, nthawi imene anthu alibe ngakhale ya mchere. Masiku 6 ena anali odikira sipeya kuchokera kuboma chifukwa sitolo yapafupi inalibe. Kukonza kwenikweniko kunatenga tsiku limodzi. Mukalemba 41 yekha, pa msonkhano anthu adzati makaniki ndi waulesi. Mukalemba zigawo zonse zisanu, aliyense aona kuti vuto lagona pa thumba, ndipo chochita n'chodziwika: kusonkha kuchitike nthawi yokolola, ndipo komiti isunge yusilo, mabushi ndi mabobini, timalabala totseka mavavu, mjigo usanafe.

Kuti ulendo wotsatira musadalirenso kukumbukira kwa anthu, musachoke pa mjigo musanajambule mizere m'kope la mlembi wa komiti: tsiku loonongeka, tsiku louza makaniki, tsiku limene anafika, tsiku limene ndalama zinakwana, tsiku lokonzedwa, chimene chinasinthidwa ndi mtengo wake. Mjigo uliwonse uzilembedwa ndi dzina limodzi kapena nambala yake yomweyo ulendo uliwonse, chifukwa wina akalemba "wa kusukulu", wina "wa kwa amfumu", mjigo umodzi umasanduka iwiri mu lipoti. Ndipo yenderani kawiri pachaka, mvula itangotha komanso mu Okutobala, kuti mijigo youma chilimwe ioneke. Lipoti likatha, kaliwerengeni pa msonkhano wa dera pamaso pa mafumu, makomiti ndi makaniki musanalitumize kuboma, kuti pamene masiku alakwika eni ake akonze.