Chifuwa chasiya, koma mankhwala a TB musasiye

Ndikuwauza amene ayamba kumwa mankhwala a TB: pakatha milungu ingapo chifuwa chimachepa, thukuta lausiku limasiya, chakudya chimayamba kukomanso. Apa mpamene ambiri amasiyira mapiritsi.

Mankhwala monga isoniazidi amapha tizilombo timene tikukula n'kugawikana, chifukwa amalepheretsa kachilombo kumanga khungu lake. Koma tina tochepa timakhala ngati tagona. Sitikukula, sitikumanga kanthu, ndiye mankhwala amasowa pogwira. Si kuti tasintha chibadwa ayi. Mutatitenga n'kutidzutsa, ana ake amafa ndi mankhwala omwewo. Togonati timadzuka pang'onopang'ono, n'chifukwa chake chithandizo chimatenga miyezi 6: miyezi 2 ya mankhwala anayi, kenako miyezi 4 ya isoniazidi ndi rifampisini. Mukalekeza panjira, totsalato timachulukananso, matenda n'kubwerera.

Chifuwa chikabwereranso, musamwe mapiritsi otsala kunyumba. Pitani kuchipatala akayeze makhololo. Makina a GeneXpert amaonetsa ngati tizilombo tayamba kukana rifampisini, ndipo zimenezo zimafuna mankhwala ena.