Momwe mungalankhulire m'malo mwa kalasi yanu pa mwambo wotsanzikana popanda kudzitama

Mukasankhidwa kuti mulankhule pa mwambo wotsanzikana chifukwa munakhoza bwino kuposa onse, dziwani kuti aliyense amene wakhala m'holomo akudziwa kale zimenezo. Woyendetsa mwambo azinena pokuitanani, mwinanso zalembedwa papulogalamu. Nkhani ya malikisi anu imakhala itatha musanagwire n'komwe maikolofoni. Dzina la mawu amene mudzalankhulewa m'Chingerezi, "valedictory", linachokera ku Chilatini, ndipo tanthauzo lake ndi kutsanzika basi. Mwaimirira kuti mutsanzike m'malo mwa anthu ambiri amene sapatsidwa mpata wolankhula tsikulo.

Ndathandizapo ophunzira angapo kukonza mawu oterewa, ndipo ndifotokoza njira yake potsatira pepala la mtsikana wina amene anabwera nalo kutatsala masabata awiri kuti mwambo uchitike.

Choyamba, musayambe ndi kulemba. Yambani ndi kufunsa. Pezani anzanu a m'kalasi 8 kapena 10, ndipo ambiri mwa iwo asakhale a gulu lanu lowerengera limodzi. Pitani kwa uja amakhala kumbuyo, uja anabwereza kalasi, uja anachita kusamukira pasukulupo pakati pa chaka. Aliyense mumufunse mafunso atatu: tsiku limene sadzaliiwala ndi liti, ndani anamuthandiza zinthu zitathina, ndipo akanapatsidwa maikolofoni akananena chiyani. Lembani mayankhowo monga akuwanenera, osawakongoletsa. Nkhani imene yatchulidwa ndi anthu atatu kapena kuposerapo osapangana, imeneyo ndiye nkhani ya kalasi.

Mtsikana uja anali atadumpha gawo limeneli. Pepala lake linkayamba chonchi: "Anzanga akagona, ine ndinkadzuka 3 koloko m'bandakucha kuwerenga. Sizinali zophweka, koma sindinafooke." Zonsezo zinali zoona, ndipo iye sankafuna kunyoza munthu. Koma taganizirani mnzake amene wakhala pamzere wachitatu pafupi ndi makolo ake. Chimene akumva n'chakuti iye ankagona pamene wina ankalimbikira.

Apa ndiye pali ntchito yachiwiri, imene ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa zonse. Tengani cholembera chofiira, muzungulize paliponse pamene pali "ine", "wanga", "langa", ndiponso mneni aliyense woyamba ndi "ndi", monga "ndinayesetsa" kapena "ndinaphunzira". Papepala la mtsikanayu tinapeza malo 31 pa masamba awiri. Kenako pa malo aliwonse dzifunseni kuti: kodi chiganizochi chikuuza anthu za ine, kapena ndikungochitira umboni zimene zinachitikira tonse? "Ndinakhoza masamu ngakhale anali ovuta" achotsedwe. "Ndikukumbukira tsiku limene tonse tinangoyang'ana bolodi, palibe anamva kanthu" akhale, chifukwa apa inu ndi mboni chabe.

Chenjerani ndi njira yachidule yongosintha "ine" kukhala "ife". Mukanena kuti "tonse tinkadzuka m'bandakucha ndipo tonse tapambana", anzanu adziwa kuti si zoona, ndipo amene zotsatira zake sizinayende bwino amva ngati mwamutulutsa m'chipindamo. "Ife" akhale pa zinthu zimene zinagweradi aliyense: mantha a mayeso oyamba, belu la m'mawa, mphunzitsi amene sankaiwala homuweki.

Pali matama ena ovala zovala za kudzichepetsa, ndipo amamveka msanga. "Sindikudziwa kuti zinatheka bwanji kuti ndikhale woyamba." "Sindinayenere ulemu umenewu." Mawu oterewa amabweza maso a anthu pa udindo wanu womwewo, kenako amawapempha kuti akutsutseni. Ngati mukufuna kutchula za kusankhidwa kwanu, chiganizo chimodzi chikwanira: "Zikomo pondilola kulankhula m'malo mwanu." Mukatero pitirirani.

Chachitatu, sankhani nkhani imodzi, ndipo ngwazi yake musakhale inu. Mtsikana uja atapita kukafunsa anzake, anthu asanu anatchula chinthu chimodzi. M'chaka chawo chachiwiri mnyamata wina anathyoka mwendo posewera mpira, ndipo kalasi yawo inali m'chipinda cham'mwamba. Kwa masabata 6 amene anali ndi pulasitala, anzake ankasinthana kumukweza ndi kumutsitsa pamasitepe, wina atanyamula ndodo zake, wina chikwama. Panali ndandanda yolembedwa kuseri kwa kope, yosonyeza oti anyamule Lolemba ndi oti anyamule Lachiwiri. Mtsikanayo sananyamuleko ngakhale tsiku limodzi, ndipo ananena zimenezo poyera m'mawu ake atsopano: "Ine ndinkangotsegula chitseko. Koma ndinaona anthu amene sankalankhulana akugwirana mapewa pamasitepe aja, ndipo ndandanda ija sinajombedwe n'kamodzi komwe."

Onani kuti sanamasulire nkhaniyo ndi ndime yonse ya zimene tikuphunzirapo. Kope lija ndi masitepe aja zinanena zokha. Musanatchule munthu m'nkhani ngati imeneyi, kamupempheni kaye chilolezo, ndipo mumuwerengere ndendende zimene mudzanene. Akakana, isiyeni. Nkhani za matenda, umphawi, chilango kapena maliro a m'banja la wina si zanu zoti muzitulutse pagulu.

Malangizo achepetseni, kapena muwachotseretu. Ndinu msinkhu umodzi ndi amene akukumverani, ndipo mukayamba kuti "muzilimbikira, musamataye mtima", mwadzikweza pampando wa mphunzitsi. Zomwezo zinenedwe ngati chokhumba cha nonse: "Kumene tikupitako, tipezeko anthu otinyamula pamasitepe, nafenso tinyamuleko ena."

Pothokoza, thokozani m'dzina la kalasi. Makolo anu mukawathokoze kunyumba mokwanira. Pamwambopo nenani za makolo ndi onse amene analera ophunzirawa, pokumbukira kuti si aliyense ali ndi mayi kapena bambo m'holomo. Kwa aphunzitsi, tchulani chochita chenicheni, monga kutsalira madzulo kubwereza phunziro limene linakanika. Mukatchula mayina a aphunzitsi awiri okha amene munkagwirizana nawo, otsalawo aona. Musaiwale osesa, alonda ndi a mulaibulale.

Za nthawi, funsani okonza mwambo kuti mwapatsidwa mphindi zingati. Akapanda kunena, mphindi 4 kapena 5 n'zokwanira. Werengani mokweza wotchi ili pambali, ndipo mutsirize kutatsala masekondi 30, chifukwa tsikulo anthu adzaseka kapena kuwomba m'manja, inu n'kuyembekezera.

Lisanafike tsikulo, werengerani munthu mmodzi wa m'kalasi amene sakuopani, makamaka amene sanali m'gulu la okhoza kwambiri. Musamufunse ngati mawuwo ali bwino, chifukwa angovomera. Mufunseni kuti ndi pati pamene anamva ngati mukunena za iye, ndi pati pamene anasiya kumvetsera. Mnzake wa mtsikana uja analoza ndime imene inkatchula mayunivesite amene ena akupita, n'kunena kuti iye sakudziwa kumene adzakhale chaka chamawa. Ndimeyo inachotsedwa, ndipo malo ofiira aja anatsika kuchoka pa 31 kufika pa 6.

Pa tsikulo, perekani ulemu kwa akuluakulu mwachidule monga mwa dongosolo la mwambowo, kenako tembenukirani kumene kwakhala anzanu ndipo maso anu azikhala kumeneko nthawi yambiri. Mukafika pa nkhani ija, chepetsani liwiro. Anthu akaseka, dikirani amalize. Chiganizo chomaliza chilowezeni pamtima kuti mudzachinene pepala lili pansi, ndipo chikhale kutsanzika kwenikweni: kwa aphunzitsi, tsalani bwino, kwa anzanu, tiyende bwino.